Kubweza bidi mutaipereka kale: mafunso ndi mayankho kwa ochita malonda a mu Blantyre

Amalonda ambiri a ku Limbe, ku Ginnery Corner ndi ku Makata amene amapikisana nawo pa ntchito za boma, za makhonsolo ndi za mabungwe amadziwa bwino kakonzedwe ka bidi, koma ndi ochepa amene amadziwa chochita akazindikira kuti bidi imene aponya kale m'bokosi sangathe kuikwaniritsa. Mayankho otsatirawa akuchokera pa kachitidwe kamene kamapezeka m'zikalata zambiri za tenda kuno kwathu, ndipo paliponse pamene zikalata za tenda yanu zanena zosiyana, tsatirani zikalatazo, chifukwa ndizo munavomereza posaina.

Kodi ndi zololedwa kubweza bidi imene ndapereka kale?

Ndi zololedwa, koma zotsatira zake zimadalira nthawi imene mwachitira. Pali nthawi zitatu zimene muyenera kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi pamene tsiku ndi ola lotsekera kulandira mabidi lisanakwane, ndipo apa mumatuluka popanda chilango chilichonse. Yachiwiri imayamba pa ola lotsekeralo mpaka kutha kwa masiku amene munalonjeza kuti mtengo wanu ukhala womwewo, amene kawirikawiri amakhala 90 kapena 120 monga momwe zikalata zanenera, ndipo apa ndi pamene pali chilango. Yachitatu ndi pamene masikuwo atha musanauzidwe kuti mwapambana, ndipo pamenepo lonjezo lanu latha lokha. Munthu asanalembe kalata iliyonse ayenera kutsegula zikalata za tenda, kupeza tsiku lotsekera ndi chiwerengero cha masikuwo, n'kuwerenga pa kalendala kuti adziwe nthawi imene alimo.

Nthawi yotsekera sinakwane. Ndichite chiyani kuti bidi yanga isatsegulidwe?

Lembani kalata yodziwitsa kuti mukubweza bidi, pa pepala la kampani yanu, ndipo isainidwe ndi munthu amene ali ndi mphamvu yosainira m'malo mwa kampani, makamaka yemweyo amene anasaina bidi. Phatikizanipo kope ya chikalata chomupatsa mphamvuyo. Kalatayo iikidwe mu envelopu yomata, yolembedwa adiresi ndi nambala ya tenda monga munalembera poyamba, ndipo pamwamba pake mulembe ndi zilembo zazikulu mawu amene zikalata zimalamula, omwe nthawi zambiri ndi WITHDRAWAL. Envelopuyo ifike pamalo omwewo amene mabidi akulandiridwa ola lotsekera lisanakwane.

Pa mwambo wotsegula mabidi, maenvelopu olembedwa mawu amenewa ndi amene amayamba kutsegulidwa ndi kuwerengedwa pamaso pa onse, ndipo bidi yake imabwezedwa kwa mwini wake ili chimatire. Ubwino wake ndi waukulu: mtengo wanu sumveka kwa opikisana nanu, ndipo m'kaundula mumangolembedwa kuti kampani yakuti inabweza nthawi isanakwane. Koma kalatayo ikapezeka kuti ilibe umboni wakuti wosainayo ali ndi mphamvu, akomiti yoona za tendayo ali ndi ufulu woikana, n'kutsegula bidi yanu ngati ina iliyonse, ndipo mumapezeka kuti mwamangika pa mtengo umene mumafuna kuuthawa.

Pali kanthu kena kamene anthu amakapeputsa. Ngati nthawi yotsekera ndi 10 koloko m'mawa, musanyamuke ku Limbe nthawi itatsala pang'ono podalira kuti msewu wa Masauko Chipembere uyenda bwino, chifukwa kalata yofika mochedwa ndi mphindi imodzi siiwerengedwanso kuti ndi ya nthawi yoyamba ija. Perekani dzulo lake, ndipo wolandirayo adinde sitampa pa kope yanu n'kulembapo tsiku ndi ola. Kope yodindidwayo ndiyo mboni yanu pakadzabuka mkangano.

Vuto langa ndi mtengo wokha. Kodi ndiyenera kutulukiratu?

Ayi, ngati nthawi yotsekera sinakwane. Zikalata zomwezo zimalola kusintha mbali ina ya bidi kapena kuika bidi yatsopano m'malo mwa yakale, ndipo envelopu imalembedwa MODIFICATION kapena SUBSTITUTION. Ine ndimalangiza kuika bidi yatsopano yathunthu kusiyana ndi kusintha tsamba limodzi, chifukwa mtengo umalembedwa m'malo angapo, monga pa fomu ya bidi ndi pa mndandanda wa mitengo, ndipo kusintha pamalo amodzi n'kuiwala ena kumabala kusagwirizana kumene kumadzakuvutitsani pa nthawi younika.

Nanga nthawi yotsekera ikadutsa, ndimataya chiyani?

Zimadalira chimene munapereka monga chitsimikizo. Tenda zina zimafuna chikole cha ndalama, chomwe chimakhala kalata ya banki yolonjeza kulipira ndalama yakutiyakuti ogula, amene ndi eni tendayo, akangoifuna. Mukabweza bidi mkati mwa masiku a lonjezo, ogulawo amalembera banki, banki imalipira, kenaka imadzatenga ndalamayo kwa inu. Kupwetekako n'kodziwika kukula kwake, ndipo mukhoza kuwerengeratu.

Tenda zina, makamaka zofuna kupereka mwayi kwa amalonda ang'onoang'ono, sizifuna chikole koma kalata yolonjeza imene mumasaina nokha, yonena kuti mukadzabweza bidi mkati mwa masikuwo, kapena mukadzakana kusaina kontirakiti mutapambana, mukuvomera kuimitsidwa kupikisana nawo kwa nthawi imene yalembedwa m'kalatamo. Anthu ambiri amaisaina mosangalala poona kuti sinawadyere ndalama ku banki, koma m'maganizo anga iyi ndi imene imaluma kwambiri. Kampani imene chakudya chake chimachokera ku ntchito za boma ikaimitsidwa, imataya tenda zonse za nthawi imeneyo, osati imodzi yokha. Bungwe la PPDA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017 kulowa m'malo mwa ofesi ya ODPP, ndilo limayang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito m'boma, ndipo lili ndi mphamvu yoletsa kampani kuchita malonda ndi boma. Dzina likalowa pa mndandanda wa oletsedwa, ngakhale ogula amene si aboma amaliona. Chotero musanasankhe kubweza, werenganinso kalata imene munasainayo mzere ndi mzere kuti muone kutalika kwa chiletso ndi amene chikukhudza.

Ndazindikira pa mwambo wotsegula kuti ndinalakwitsa kulemba mtengo. Kodi sangandilole kukonza?

Funso ili ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo ndi bwino kuliyankha ndi chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti kampani ina yowotcherera zitsulo ku Ndirande yapikisana nawo pa tenda yopereka madesiki 400. Mwini wake anawerengera kuti desiki imodzi igulitsidwe pa K95,000, zonse pamodzi K38,000,000, ndipo ndalama imeneyi ndi imene inalembedwa pansi pa mndandanda wa mitengo. Koma wotaipa, pogwira ntchito usiku wa tsiku lomaliza, anatembenuza manambala n'kulemba K59,000 pa mtengo wa desiki imodzi. Pa mwambo wotsegula panawerengedwa K38,000,000, ndipo palibe amene anaona vuto.

Vutolo limatulukira pa nthawi younika. Lamulo limene limapezeka m'zikalata zambiri ndi lakuti mtengo wa chinthu chimodzi ukasemphana ndi chiwonkhetso, wa chinthu chimodzi ndiwo umatengedwa, ndipo chiwonkhetso chimakonzedwa. Chimodzimodzinso, ndalama yolembedwa m'mawu ikasiyana ndi ya m'manambala, kawirikawiri ya m'mawu ndiyo imatengedwa. Mpata umene ulipo ndi wa kadontho kogawa manambala kamene kaikidwa pamalo olakwika moonekeratu, ndipo kutembenuza 95 kukhala 59 sikulowa m'gulu limenelo. Akomiti adzachulukitsa K59,000 ndi 400, n'kupeza K23,600,000, ndipo adzalembera kampaniyo kuti ivomereze mtengo wokonzedwawo. Kusiyana kwake ndi K14,400,000, ndalama imene ingathe kugwetsa kampani yaing'ono.

Mwini kampaniyo ali ndi njira ziwiri zokha. Akhoza kuvomera n'kugwira ntchitoyo moluza, kapena kukana, bidi yake n'kuchotsedwa, ndipo chikole chake chikhoza kulandidwa. Ngati chikolecho chinali K760,000, masamu ake savuta: kutaya K760,000 n'kopepuka kusiyana ndi kutaya K14,400,000, komanso kusiyana ndi kusaina kontirakiti n'kuisiya pakati, kumene kumalandetsa chikole chachikulu cha kagwiridwe ka ntchito ndiponso kumaipitsa mbiri koposa. Ngati anasaina kalata yolonjeza, ayenera kuika pa sikelo phindu la tenda zonse zimene angaphonye pa nthawi ya chiletso. Chimene sangaloledwe ndi kukweza mtengo wa desiki kuti ubwerere pa K95,000, chifukwa mitengo ya anzake anaimva kale, ndipo kulola zimenezo kukanakhala kubera enawo.

Chimene ndingalangize munthu wotere ndi kusadikira kuti akomiti atulukire okha. Akangoona kulakwitsako pa kope yake, alembe kalata yonena tsamba ndi mzere pamene pali vutolo. Kalatayo siimupulumutsa ku lamulo, koma imaonetsa kuti anachita moona mtima, ndipo ikadzafika nkhani ya chilango, umboni umenewu udzamuyankhulira.

Kwacha yagwa mphamvu ndipo katundu wakwera mtengo. Kodi chimenechi si chifukwa chokwanira?

Ndi chifukwa chomveka kwa munthu aliyense, koma pachokha sichimasula lonjezo. Tonse tikukumbukira kuti mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, moti amene anali ndi mabidi a katundu wochokera kunja anadzuka m'mawa mitengo yawo itasanduka yoluza. Komabe lonjezo losunga mtengo kwa masiku 90 linaikidwa ndi cholinga chakuti ogula asamasinthiridwe mitengo pamene akuunika. Yang'anani ngati zikalata zili ndi ndime yolola kusintha mtengo potengera kukwera kwa zinthu, chifukwa makontirakiti ena aatali amakhala nayo. Ngati mtengo ndi wosasinthika, ndiye kuti chiopsezocho munachisenza ndinu. Mukhoza kulembera ogula kuwafotokozera mmene zinthu zilili, ndipo pamene vuto lakhudza opikisana onse, nthawi zina iwo amaona okha kuti ndi bwino kuthetsa tendayo n'kuilengezanso, koma chiganizo chimenecho ndi chawo.

Kodi pali njira yotulukira popanda chilango nthawi yotsekera itadutsa?

Ilipo imodzi, ndipo ambiri amaitseka okha mosadziwa. Kuunika mabidi kumachedwa, ndipo masiku a lonjezo akayandikira kutha, ogula amalembera opikisana onse kuwapempha kuti awonjezere masikuwo. Pempho limeneli mukhoza kulikana popanda kutaya chikole ndiponso popanda kuphwanya kalata yolonjeza. Mukavomera, simuloledwa kusintha mtengo, ndipo mumayenera kutalikitsanso chikole. Choncho ngati mabidi anatsekedwa pa 3 Malichi ndipo masiku ndi 90, lonjezo lanu limatha pa 1 Juni. Munthu amene wazindikira pakati pa Meyi kuti mtengo wake sungagwirenso ntchito angachite bwino kuganizira ngati n'koyenera kulemba kalata yobweza, pamene kwangotsala masabata awiri kuti amasuke. Chiopsezo chake n'chakuti akhoza kuuzidwa kuti wapambana masikuwo asanathe, ndipo akatero amakhala womangika ndithu.

Kalata yopempha kuwonjezera masiku ikafika, musalole kuti kalaliki aisaine mwachizolowezi. Iyankhidwe ndi mwini kampani atawerengeranso mitengo ya lero. Pokana, mawu ochepa ndi okwanira: mwalandira kalata yawo ya tsiku lakuti, simungathe kuwonjezera masiku kupitirira tsiku lakuti, ndipo mukuthokoza chifukwa cha mwayi wopikisana nawo.

Kalata yobweza bidi ilembedwe motani kuti mbiri ya kampani isaonongeke?

Kalatayo idzasungidwa m'faelo, ndipo idzawerengedwa ndi anthu amene simukuwadziwa: akomiti yoona zogula ya m'bungwemo, ofufuza za chuma, mwinanso a PPDA. Choncho ilembedwe poganizira munthu amene adzaiwerenge patapita zaka ziwiri, wosadziwa nkhope yanu. Ikhale ya tsamba limodzi. Itchule nambala ndi dzina la tenda, inene mosazungulira kuti mukubweza, itchule ndime ya m'zikalata imene mukutsatira, ipereke chifukwa chimodzi choona, ndipo ithe ndi ulemu. Makalata otere amalembedwa m'Chingerezi, koma ganizo lake likhale lotere:

"Bwana, tikulemba pa nkhani ya tenda nambala yakuti, yopereka madesiki 400, imene tinaperekapo bidi pa tsiku lakuti. Titaunikanso kope yathu, tapeza kuti pa tsamba lakuti, mzere wakuti, mtengo wa desiki imodzi unalembedwa molakwika, ndipo mtengo umene ungatuluke pamenepo sitingathe kuperekera katundu wa muyezo umene mukufuna. Taona kuti n'koyenera kukudziwitsani tsopano, musanafike popereka kontirakiti, kuti ntchito yanu isachedwe. Chifukwa cha ichi tikubweza bidi yathu. Tikudziwa zimene ndime yakuti ikunena pa nkhaniyi, ndipo tikupempha kuti poganizira za ife muone kuti kulakwitsaku kunali kwa kalembedwe ndiponso kuti tadziulula tokha. Tikupepesa chifukwa cha ntchito imene takuwonjezerani."

Onani mmene kalatayi yachitira. Yavomera cholakwa chimodzi chodziwika malire ake, chimene wowerenga akhoza kuchitsimikiza potsegula tsamba lotchulidwalo. Yaika patsogolo phindu la ogula, ndilo kusachedwa kwa ntchito. Yaonetsa kuti mwini wake akudziwa lamulo, koma sinanene kuti "landani chikole chathu", ndiponso sinatsutse kuti chilango chilipo. Pamene tenda ndi yaikulu kapena pali chiopsezo cha kuimitsidwa, loya aione kalatayo isanatumizidwe.

Ngati mukubweza nthawi yotsekera isanakwane, simukakamizidwa kupereka chifukwa, ndipo ndi bwino osapereka. Ziganizo ziwiri zokha n'zokwanira.

Ndi mawu ati amene ndiyenera kupewa?

Oyamba ndi mawu amene amaulula kufooka kwa kampani yonse pamene vuto ndi la tenda imodzi. Mukalemba kuti "tilibe ndalama zogwirira ntchitoyi" kapena "banki yatikaniza ngongole", mwapereka umboni wolembedwa wotsutsana ndi zimene mudzanene pa tenda yotsatira, pamene mudzafunika kuonetsa kuti muli ndi mphamvu pa chuma. Ngati zoona zake n'zakuti mwapeza ntchito ina yaikulu imene yatenga amisiri ndi makina anu, nenani kuti zida ndi anthu amene munawatchula mu bidi sadzapezeka pa nthawi imene ntchitoyi ikufunika. Musaname, chifukwa kupereka uthenga wabodza pa nkhani za tenda ndi mlandu woposa kubweza bidi, koma simukakamizidwanso kufotokoza mavuto onse a m'nyumba mwanu.

Achiwiri ndi mawu oloza chala. Kalata yobweza si malo onenera kuti zikalata zinali zosamveka, kuti akomiti achedwetsa dala, kapena kuti mukudziwa kale amene apatsidwe ntchitoyo. Ngati muli ndi dandaulo lenileni, lamulo lili ndi njira yake yodandaulira, ndipo nkhani za ziphuphu zili ndi bungwe la ACB. Kusakaniza ziwirizi kumafooketsa dandaulo lanu, ndipo kumachititsa kuti kubwezako kuoneke ngati kupsa mtima. Musatchulenso dzina la wantchito wanu amene analakwitsa, chifukwa amene anasaina bidi ndinu, ndipo wowerenga amalemekeza kampani imene imasenza yokha cholakwa chake.

Achitatu, amene ndi oopsa kwambiri, ndi mawu okhala ngati kutsatsana malonda, monga "tibweza pokhapokha mutatilola kukweza mtengo". Chiganizo chotere chimawerengedwa ngati kuyesa kusintha bidi kapena kukopa ounika, ndipo chikhoza kuchotsetsa bidi yanu pa chifukwa choipa kuposa chimene munali nacho.

Kodi si ulemu kuyamba ndaimba foni kapena kupita ndekha kukafotokoza?

Pa chikhalidwe chathu nkhani yovuta timakaitula pamaso, ndipo mtima umenewo ndi wabwino, koma pa nthawi younika mabidi kulumikizana konse kumayenera kukhala kolembedwa ndi kopita ku adiresi yotchulidwa m'zikalata. Kukumana ndi mmodzi wa ounika paokha kumaika pa chiopsezo inu ndi iye yemwe. Tumizani kalata poyamba. Mukafuna kuimba, imbirani ofesi yoona zogula kungotsimikiza kuti kalatayo yafika, osakambirana za mkati mwake. Ntchito ikaperekedwa kwa wina ndipo zonse zatha, pamenepo mukhoza kukaonekera ndi kupepesa pakamwa.

Mnzanga amene tikupikisana naye wandipempha kuti ndichoke, iye adzandigawireko ntchito. Pali vuto?

Vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu. Kumeneko ndi kupangana pofuna kusokoneza mpikisano, ndipo n'koletsedwa ndi malamulo a kagulidwe ka boma komanso malamulo a mpikisano pa malonda amene bungwe la CFTC limayang'anira. Ofufuza amachidziwa chizindikiro chake: wa mtengo wotsika amachoka mwadzidzidzi, wotsatira wake amapambana ndi mtengo wokwera, ndipo patapita miyezi wochoka uja amapezeka akugwira mbali ya ntchito yomweyo. N'chifukwa chake ngakhale munthu wobweza moona mtima ayenera kupereka chifukwa chotsimikizika, ndipo apewe kulandira ntchito kwa wopambanayo pa tenda imeneyo, kuopa kuti zoona zake zingaoneke ngati chiwembu.

Nanga ngati ogula ndi kampani kapena bungwe limene si laboma?

Malamulo a PPDA sagwira ntchito pamenepo, ndipo chimene chimakumangani ndi zimene zalembedwa m'kalata yoitanira mabidi. Ntchito zothandizidwa ndi mabanki aakulu a chitukuko zimatsatira zikalata zawozawo, zomwe pa nkhaniyi zimafanana kwambiri ndi zimene tafotokozazi. Ku makampani chilango cholembedwa chimakhala chochepa, koma Blantyre ndi mzinda umene oyang'anira zogula amadziwana ndipo amasamuka kuchoka kampani ina kupita ina, choncho kalata yaulemu ndi yofulumira imafunika chimodzimodzi.

Pa tenda zam'tsogolo, kodi ndiyenera kuulula kuti ndinabwezapo bidi?

Yankhani funso limene fomu yafunsa, ndipo muyankhe zoona. Mafomu ambiri amafunsa ngati kampani ili yoimitsidwa kapena yoletsedwa, ndiponso ngati inalepherapo kukwaniritsa kontirakiti. Kubweza nthawi yotsekera isanakwane ndi kukana kuwonjezera masiku sizilowa m'mafunso amenewa, popeza palibe lonjezo limene linaphwanyidwa. Ngati munaimitsidwa chifukwa cha kalata yolonjeza ndipo fomu ikufunsa za nthawi imeneyo, lembani tsiku limene chiletso chinayamba ndi limene chinatha, ndipo muphatikizepo kope ya kalata yanu yobweza ija pamodzi ndi yankho limene munalandira. Sungani mapepala amenewa mu faelo imodzi ndi kope yodindidwa sitampa, tsamba la mndandanda wa mitengo pamene panali vuto, ndi kalata ya banki yotsimikiza kuti chikole chinabwezedwa kapena chinalipidwa.